Masabata atatu obwereza matiransifomu onse mayeso asanafike

Ngati mwatsala ndi masiku 21 kuti mulembe mayeso, ndipo m'silabasi yanu muli Laplace, Fourier, Z ndi DFT, musagawe masikuwo mofanana ngati mitu inayi ndi yosiyana. Ophunzira zauinjiniya ambiri amene ndawaona akuvutika amachita zimenezo: masiku asanu mutu uno, masiku asanu mutu uwo, ndipo mutu uliwonse amauyamba ngati chinthu chachilendo. Chonsecho mitu yonseyi ikuchita ntchito imodzi. Imatenga funso lovuta la nthawi, t kapena n, nkulisandutsa alijebura wamba, kenaka nkubwerera. Mukaugwira bwino Laplace, theka la Z mwaligwira kale, ndipo tiransifomu ya Fourier imangokhala Laplace yemweyo woyang'aniridwa pamzere umodzi. N'chifukwa chake ndondomeko iyi ikupereka sabata yonse yoyamba kwa Laplace ndi masamu ake a pansi, ngakhale m'kalasi munayamba ndi Fourier.

Ndikulembera makamaka inu amene muli kunyumba kuno ku Kasungu, kaya paboma, ku Santhe kapena ku Nkhamenya, mukudikira kubwerera ku MUBAS kapena ku MUST. Werengani masiku anu moona mtima. Tsiku la ulendo wa ku Blantyre kapena ku Thyolo limathera mumsewu, ndipo m'basi simungawerengeremo zokhazikika. Liikeni tsikulo kumapeto kwa sabata ina, osati pakati pa mutu. Pa masiku ena onse maola anayi ndi okwanira: awiri m'mawa kwambiri ntchito zapakhomo zisanayambe, awiri madzulo dzuwa lisanalowe, kuti magetsi akazima musataye kanthu. Auzeniretu makolo za maola amenewa, chifukwa kwathu kuno munthu amene wakhala phee ndi pepala amaoneka ngati ali ndi mpata wotumidwa. M'mawa ndi wa zinthu zatsopano, madzulo ndi wa mafunso okhaokha, buku litatsekedwa.

Tsiku loyamba musawerenge notsi. Tengani mapepala a mayeso a zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, muwerenge mamalikisi amene mutu uliwonse umatenga, muone ngati kumbuyo kwa pepala kumakhala tebulo la matiransifomu kapena ayi. Zimenezi zimasintha zambiri. Ngati tebulo amapereka, kuloweza kumachepa koma muyenera kulizolowera tebulo lenilenilo, kalembedwe kake ndi zimene mulibemo. Ngati sapereka, m'mawa uliwonse mudzilemba tebulo lanu kuchokera m'mutu kwa mphindi 10 musanayambe china chilichonse.

Tsiku lachiwiri ndi la masamu amene amagwetsa anthu mobisika: manambala a kompulekisi, fomula ya Euler, e^(jθ) = cos θ + j sin θ, kuintigireta mwa zigawo, ndi kugawa fulakishoni yaikulu kukhala tizidutswa. Mamalikisi ambiri amatayika apa, osati pa tiransifomu yeniyeniyo. Chitani mafulakishoni 15 patsikuli: asanu a maruti osiyana, asanu a ruti yobwereza monga (s + 1)², asanu a maruti a kompulekisi. Ngati simungasandutse 1/(1 + j) kukhala 0.707 pa ngodya ya −45° osayang'ana paliponse, onjezerani ola.

Kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu ndi chiwiri ndi Laplace. Lachitatu ndi tebulo ndi malamulo awiri osuntha, lachinayi kubwerera ku t, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi madifarenshiyo ikweshoni ndi maseketi, lomaliza H(s), mapolo ndi konvolushoni. Tiyeni tichedwe pa funso limodzi, chifukwa muli phunziro la momwe mungadzikonzere nokha popanda lekichala pafupi.

Funso ndi y'' + 3y' + 2y = 4 pamene t ≥ 0, ndipo y(0) = 1, y'(0) = 0. Derivetivi yachiwiri imasanduka s²Y − s·y(0) − y'(0), yoyamba imasanduka sY − y(0). Tikaika manambala timapeza s²Y − s + 3(sY − 1) + 2Y = 4/s. Kusonkhanitsa ma Y mbali imodzi kumapereka (s² + 3s + 2)Y = 4/s + s + 3, choncho

Y(s) = (s² + 3s + 4) / [s(s + 1)(s + 2)]

Maruti onse atatu ndi osiyana, ndiye njira yophimba ndi chala ikwanira. Phimbani s muike s = 0, mupeza 4/2 = 2. Phimbani (s + 1) muike s = −1: pamwamba 1 − 3 + 4 = 2, pansi (−1)(1), yankho −2. Phimbani (s + 2) muike s = −2: pamwamba 4 − 6 + 4 = 2, pansi (−2)(−1) = 2, yankho 1. Ndiye y(t) = 2 − 2e^(−t) + e^(−2t).

Tsopano taonani cholakwa chofala. Munthu akafulumira amalemba 3sY nkuiwala −3 wochokera ku y(0) pa derivetivi yoyamba. Pamwamba pamatsala s² + 4, ndipo yankho limatuluka 2 − 5e^(−t) + 4e^(−2t). Akaliyesa pa t = 0 amapeza 2 − 5 + 4 = 1, zolondola. Akayang'ana kumene likuthera amapeza 2, zolondolanso. Amatseka kope ali wokhutira, chonsecho yankho ndi lolakwika. Chimene chimamugwira ndi y'(0) yekha: pa yankho loona ndi 2 − 2 = 0, pa lolakwikali ndi 5 − 8 = −3. Choncho pa funso lililonse la mtundu uwu yesani zinthu zitatu, y(0), y'(0) ndi mathero, osati ziwiri. Zimatenga mphindi imodzi.

Pa za mathero pali malire amene mafunso amakonda kuyesa. Lamulo loti y(∞) ndi sY(s) pamene s ikupita ku 0 limagwira pokhapokha mapolo onse a sY(s) ali kumanzere kwa mzere wa jω. Mukaligwiritsa pa 1/(s² + 1) likupatsani 0, koma ameneyo ndi sin t, amene sakhazikika paliponse. Yang'anani mapolo kaye.

Pena pamene anthu amapunthwa ndi lamulo la kuchedwetsa. e^(−as)F(s) ndi tiransifomu ya f(t − a)u(t − a), kutanthauza kuti t aliyense ayenera kukhala atasunthidwa. Mukapatsidwa t·u(t − 2), yankho si e^(−2s)/s². Lembani kaye t ngati (t − 2) + 2, ndipo yankho ndi e^(−2s)(1/s² + 2/s). Chitani mafunso asanu ngati limeneli mpaka dzanja lizolowere.

Sabata yachiwiri ndi ya Fourier, ndipo masiku atatu oyamba, 8 mpaka 10, ndi a mafunde obwerezabwereza. Apa ntchito yambiri ndi kuintigireta, ndiye chinthu choyamba ndi kuichepetsa. Jambulani funde lonse, mapiriyodi awiri kapena atatu, musanalembe fomula iliyonse. Ngati f(−t) = −f(t), makosayini onse ndi a₀ ndi ziro, musawawerengetse nkomwe. Ngati f(−t) = f(t), masayini ndiwo ziro. Ngati theka lachiwiri la funde ndi theka loyamba lotembenuzidwa, mahamoniki a 2, 4, 6 kulibe. Wophunzira amene sajambula amatha masamba awiri kuti apeze ziro amene akanamuona ndi maso.

Chitsanzo chabwino chili m'nyumba zambiri za kuno zimene zili ndi sola. Magetsi a m'mawaya ku Malawi ndi funde losalala la 50 Hz, koma mainveta otsika mtengo amatulutsa funde la makona, n'chifukwa chake fani kapena wailesi imalira mwachilendo ikalumikizidwa pamenepo. Tengani funde la makona anayi la 50 Hz lodumpha pakati pa +1 ndi −1. Fourier akuti ndi (4/π)[sin ωt + (1/3) sin 3ωt + (1/5) sin 5ωt + ...]. Ndiye mkati mwake muli funde la 50 Hz lotalika 1.273, la 150 Hz lotalika 0.424, la 250 Hz lotalika 0.255, mpaka mtsogolo. Kulira kuja kukuchokera m'mahamoniki amenewa.

Musalekere pomwepo. Lidutsitseni fundeli m'fyuluta ya resisita ndi kapasita, R = 1 kΩ ndi C = 3.2 µF, imene malire ake 1/(2πRC) ali pafupifupi 50 Hz. H(s) = 1/(1 + sRC) munaipeza kale sabata yatha. Ikani s = jω, mupeza kuti fyuluta imachulukitsa hamoniki iliyonse ndi 1/√(1 + (f/50)²). Pa 50 Hz ndi 0.707, pa 150 Hz ndi 1/√10 = 0.316, pa 250 Hz ndi 1/√26 = 0.196. Zotuluka ndi 0.90, 0.134 ndi 0.050. Hamoniki yachitatu, imene inali gawo limodzi mwa atatu a yoyamba, tsopano ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu ndi awiri. Funso limodzi limeneli lamanga Laplace ndi Fourier pamodzi, ndipo kwa ine likuposa mafunso khumi ongointigireta. Mukamawerengetsa mafezi, −45°, −71.6° ndi −78.7°, yang'anani pa kalikuleta ngati pakuoneka D kapena R. Kusakaniza madigiri ndi maredyani kwadya mamalikisi a anthu odziwa bwino.

Tizinthu tiwiri ta mamalikisi ochepa timene timabwera kawirikawiri: pamene funde likudumpha, mndandanda wa Fourier umafika pakatikati pa mbali ziwirizo, ndipo pafupi ndi kudumphako umapitirira ndi pafupifupi 9 peresenti ya kudumpha konse, ngakhale muwonjezere mahamoniki angati. Kumeneko ndiko kwa Gibbs. Samalaninso ndi a₀: mabuku ena amalemba a₀/2 kutsogolo, ena a₀ yekha. Tsatani kalembedwe ka lekichala wanu, ndipo yesani pofunsa kuti avereji ya funde ndi chiyani. Nambala yoyambayo iyenera kufanana nayo.

Masiku 11 mpaka 13 ndi a tiransifomu ya Fourier, ya masiginolo osabwereza. Mapeya anayi ndiwo msana: e^(−at)u(t) imene imapereka 1/(a + jω), palasi ya makona imene imapereka sinc, δ(t) imene imapereka 1, ndi cos ω₀t imene imapereka timizere tiwiri ta δ pa +ω₀ ndi −ω₀. Mafunso ambiri ndi mapeya amenewa atasunthidwa, atafinyidwa kapena atachulukitsidwa ndi kosayini, ndiye khalani pa malamulo m'malo mointigireta chilichonse kuchokera pachiyambi. Sankhani kalembedwe kamodzi, ka ω kapena ka f, ndipo musasakanize notsi za mnzanu wa kosi ina, chifukwa 1/(2π) amaoneka m'kalembedwe ka ω ndipo m'ka f mulibe.

Njira yachidule yoika s = jω ili ndi msampha wake. Imagwira pokhapokha dera limene Laplace ikugwira, ROC, likuphatikiza mzere wa jω. e^(−t)u(t) ili bwino, chifukwa dera lake ndi Re(s) > −1. Koma e^(2t)u(t) ili ndi Laplace 1/(s − 2) pa Re(s) > 2 pokha, ndipo tiransifomu ya Fourier ilibe, ngakhale kulemba 1/(jω − 2) nkosavuta. u(t) payekha ali pamalire penipeni, n'chifukwa chake yankho lake ndi πδ(ω) + 1/(jω), osati 1/(jω) yekha.

Tsiku la 14 musatsegule mutu watsopano. Lembani mafunso asanu ndi limodzi a masabata awiriwa pa timapepala, musakanize, mutole mwachisawawa, muyankhe ndi wotchi. Mukamachita mafunso a mutu umodzi motsatana, mutu wa chaputala umakuuzani kale njira. M'mayeso palibe wokuuzani. Ngati ulendo wobwerera kusukulu ukugwa pakati pa nthawiyi, tsiku lake ndi limeneli, mafunso osakanizawo mukachite madzulo mukafika.

Z ndi masiku atatu okha, 15 mpaka 17, ndipo akwanira chifukwa mwaimangira kale maziko. Ubale wake ndi z = e^(sT). Tengani mapolo a funso lathu lija, s = −1 ndi s = −2, mutape masampulo pa T = 0.1 s. Amasanduka z = e^(−0.1) = 0.905 ndi z = e^(−0.2) = 0.819. Kumanzere konse kwa s kwalowa mkati mwa mzere wozungulira wa |z| = 1, ndipo sisitemu imene inali yokhazikika chifukwa mapolo ali kumanzere tsopano ndi yokhazikika chifukwa ali mkati. Mukaliona limeneli ndi manambala anuanu, simufunikanso kuloweza malamulo awiri.

Chosiyana chachikulu ndi kabwereredwe. Tengani y[n] = 0.5y[n − 1] + x[n], x[n] ali u[n], poyambira pali ziro. Mupeza Y(z) = z²/[(z − 0.5)(z − 1)]. Musagawe Y(z) mwachindunji. Gawani Y(z)/z, chifukwa tebulo limadziwa z/(z − a), osati 1/(z − a). Y(z)/z = z/[(z − 0.5)(z − 1)] = −1/(z − 0.5) + 2/(z − 1). Mukabweza z uja mupeza y[n] = 2 − (0.5)ⁿ. Amene amagawa osachotsa z amapeza fulakishoni imene pamwamba ndi pansi mphamvu ndi zofanana, amaiwala kugawa kaye, kapena amataya kuchedwa kwa sampulo imodzi, ndipo yankho lonse limasuntha. Ubwino wa Z ndi woti kudziyesa nkwaulere. Yendetsani ikweshoni ndi dzanja: y[0] = 1, y[1] = 0.5 + 1 = 1.5, y[2] = 0.75 + 1 = 1.75. Fomula ikupereka 1, 1.5, 1.75. Zikasiyana, cholakwa chili m'kugawa.

Ndipo lembani ROC nthawi zonse, ngakhale funso lisanakukakamizeni. z/(z − a) pa |z| > |a| ndi aⁿu[n], koma fomula yomweyo pa |z| < |a| ndi −aⁿu[−n − 1]. Popanda dera, yankho ndi latheka.

DFT ndi FFT ndimazipatsa tsiku limodzi, la 18, kupatula ngati mapepala akale akusonyeza kuti lekichala wanu amazikonda. Zikatero chotsani tsiku limodzi ku tiransifomu ya Fourier muliwonjezere pano. Ndi dzanja nthawi zambiri mudzafunsidwa ya mapointi anayi kapena asanu ndi atatu. Ya [1, 2, 3, 4] ndi [10, −2 + 2j, −2, −2 − 2j]. X[0] ndi kuphatikiza kwa masampulo onse, 10. X[3] ndi X[1] wotembenuzidwa chizindikiro cha j, chifukwa masampulo alibe j. Parseval amatsimikiza: 1 + 4 + 9 + 16 = 30, ndipo (100 + 8 + 4 + 8)/4 = 30. Ngati muli ndi laputopu yokhala ndi Octave kapena MATLAB, mizere iwiri iyi ikuyesa DFT imeneyi ndi fulakishoni ya Laplace ija, koma muitsegule mutamaliza ndi dzanja:

```
fft([1 2 3 4])
[r, p] = residue([1 3 4], [1 3 2 0])
```

Pa FFT, imene Cooley ndi Tukey anaifalitsa mu 1965, dziwani kujambula ya mapointi asanu ndi atatu ndi kuwerengetsa phindu lake: pa N = 1024, njira yachindunji imachulukitsa ka 1,048,576, ya FFT ka 5,120 kokha. Kumbukiraninso kuti kuchulukitsa ma DFT awiri kumapereka konvolushoni yozungulira. Kuti ifanane ndi yamasiku onse, onjezerani maziro mpaka utali ufike N₁ + N₂ − 1. Pa katapidwe ka masampulo bwererani ku inveta ija. Mukatapa funde la makonalo pa 400 Hz, malire ndi 200 Hz. Hamoniki ya 250 Hz imapindikira pa 400 − 250 = 150 Hz, ya 350 Hz pa 50 Hz, ndiko kuti zimabisala ndendende pamwamba pa mahamoniki enieni. Pachithunzi simuona kamzere kachilendo, koma kutalika kwa timizere kwalakwika. Ndicho chifukwa fyuluta imaikidwa patsogolo pa chotapa masampulo, osati pambuyo.

Masiku 19 ndi 20 ndi a mapepala athunthu, limodzi patsiku, pa ola limene mayeso enieni adzayambe, foni ili kutali, ndi kalikuleta yomwe mudzalowe nayo. Madzulo chongani, ndipo cholakwa chilichonse muchiike m'gulu lake: sindinadziwe njira, ndinalakwitsa alijebura, kapena nthawi inatha. Mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba chimafuna kubwerera ku notsi za mutu umenewo, chachiwiri chimafuna mayeso atatu aja a y(0), y'(0) ndi mathero kapena kuyendetsa masampulo ndi dzanja, chachitatu chimafuna kuwerengetsa mphindi pa malikisi. Pepala la maola atatu la mamalikisi 100 limakupatsani mphindi 1.8 pa malikisi, ndiye funso la mamalikisi 20 lisapitirire mphindi 36, ngakhale likukoma bwanji.

Mukadwala kapena kukagwa zovuta pamudzi nkutaya masiku awiri atatu, musafinye chilichonse mofanana. Dulani kujambula FFT ndi umboni wa malamulo, siyani Laplace, Z ndi mapepala awiri omalizawo momwe alili. Tsiku la 21 ndi la tsamba limodzi lokha, la zolakwa zanu zimene mwakhala mukulemba, ndi tebulo lolembedwa kuchokera m'mutu komaliza. Onani batire la kalikuleta ndi chiphaso cholowera m'mayeso, ndipo mugone msanga.